Kukulitsa zilembo pa foni ya Samsung popanda kubisa mabatani

Ndikamakonza foni ya munthu amene maso ake afooka, ndimayamba ndi zilembo zokha. Ndimalowa mu Settings, kenako Display, n'kudina Font size and style. Pamenepo pali kamzere kokhala ndi kadontho. Ndimakankhira kadonthoko kumanja malo amodzi, n'kumupatsa mwini foniyo kuti awerenge atavala magalasi ake, foni ili patali mmene amaigwirira masiku onse. Akayamba kutsinzinira kapena kuyandikitsa foni kumphuno, ndimakankhanso kamodzi.

Ndisanafike kumapeto kwa kamzereko ndimayatsa Bold font, yomwe ili patsamba lomwelo. Ambiri amaidumpha, koma ine ndimaidalira kwambiri. Vuto la anthu ena si kuchepa kwa zilembo ayi, koma kuonda kwake: timizere tosiyanitsa 3 ndi 8 timazimiririka, makamaka padzuwa. Zilembo zikanenepa zimaoneka bwino popanda kudya malo ambiri.

Screen zoom, yomwenso ili mu Display, ndimaisiya komaliza chifukwa imakulitsa chilichonse: zilembo, mabatani, tizizindikiro, ngakhale mabokosi a mauthenga. Imathandiza amene chala chake chimaphonya batani. Koma sikirini simakula, choncho chinthu chikakula china chimasowa pokhala. Mukakweza Font size ndi Screen zoom zonse mpaka kumapeto, mayina a anthu amaduka n'kutsala timadontho titatu, ndipo m'mapulogalamu ena batani lotumizira limathawira pansi.

N'chifukwa chake sinditseka Settings n'kumapita. Ndimatsegula mndandanda wa manambala, uthenga umodzi wautali, ndi menyu yotumizira ndalama, n'kutsata mpaka pofunsa nambala yachinsinsi. Apa mpamene pamaopsa: ngati ndalamayo kapena dzina la wolandira sizikuoneka zonse, munthu angavomereze chimene sanawerenge. Zikatero ndimabweza Screen zoom kamodzi, zilembo n'kuzisiya mmene zilili, kenako n'kuyesanso.

WhatsApp ili ndi pake posinthira: Settings, Chats, Font size, n'kusankha Large. Kukula kumeneku kumawonjezera pa kwa foni, ndiye nthawi zina uthenga umodzi umadzaza sikirini yonse, ndipo Medium imakwana.

Zilembo za m'chithunzi, monga chidziwitso cha kutchalitchi chimene wina wajambula, sizisintha ndi zonsezi, chifukwa foni imaziona ngati chithunzi basi. Pamenepo ndimatambasula ndi zala ziwiri. Pomwe zikukana ndimayatsa Magnification, mu Accessibility pansi pa Vision enhancements (pa mafoni akale amalemba Visibility enhancements). Njira yoyatsira ndimasankha kabatani ka pa sikirini, osati yogogoda katatu. Yogogodayo imachedwetsa foni pang'ono podikira ngati mugogodanso, ndipo munthu wa dzanja lonjenjemera amaiyatsa mosadziwa, sikirini n'kufufuma mwadzidzidzi, iye n'kuganiza kuti foni yawonongeka.