Chifukwa chake tinapachika tivi mu shopu ya mahedifoni

Shopu yathu ili pa Kasungu boma, ndipo timayendetsa awiri, ine ndi mng'ono wanga. Tinayamba ndi machaja, makava a foni ndi mamemori khadi, katundu tikumakapikula ku Lilongwe. Mahedifoni a Bulutufu tinangowonjezera poona kuti anyamata akuwafunsa. Amene ankagulira foni sankabwereranso, pokhapokha akafuna ena. Ovuta anali ogulira tivi, makamaka nyengo yogulitsa fodya, pamene anthu ambiri amagula kanema wamkulu wopachika pakhoma. Munthu ankabwera nawo m'jumbo n'kuwaponya pa kauntala: "Achimwene, mwandigulitsa zakufa." Tikawayesa pa foni, ankamveka bwinobwino. Iye n'kumaumirira kuti kunyumba sakugwira.

Tinatopa ndi mikangano yotere, ndiye tinagula tivi yathuyathu n'kuipachika mu shopu, dikoda pambali. Pamenepo m'pomwe tinazindikira kuti mawu oti "sakugwira" akubisa matenda awiri osiyana. Ena mawu amachedwa, kufika chithunzi chitadutsa. Ena mawu amadukaduka. Mankhwala a limodzi sachiza linzake, choncho munthu akalowa ndi dandaulo, funso loyamba limakhala lakuti: akuchedwa kapena akuduka?

Kuchedwako si kuwonongeka, ndi mmene Bulutufu imagwirira ntchito. Tivi imayamba yapanikiza mawu kuti achepe, n'kuwatumiza m'tizigawo. Mahedifoni amasunga kaye tizigawo tingapo kuti kamodzi kakatayika m'njira mawu asaduke, kenako n'kuwamasula kuti afike m'khutu. Njira yopanikizira imene chipangizo chilichonse cha mawu cha Bulutufu chimadziwa imalembedwa SBC, ndipo nayo ulendo wonsewu umatenga pafupifupi gawo limodzi la magawo asanu a sekondi, mamilisekondi 150 mpaka 250. Zikuoneka zazing'ono, koma mawu amayenda mamita pafupifupi 340 pa sekondi, ndiye kuchedwa kwa mamilisekondi 200 kuli ngati kuonerera munthu akuwaza nkhuni pa mtunda wa mamita 70: nkhwangwa yagwa kale, phokoso likubwera pambuyo. Anthu ambiri amayamba kuzindikira mawu akachedwa kupitirira mamilisekondi 100 kapena 125.

Nanga bwanji pa foni sizioneka? Chifukwa foni imachenjera. Ikadziwa kuti mahedifoni achedwa, imachedwetsanso chithunzi kuti zifikire limodzi. Tivi zambiri zotchipa sizichita zimenezi, makamaka chithunzi chikamachokera mu dikoda kudzera pa chingwe cha HDMI. N'chifukwa chake kuyesera pa foni mu shopu kunali kungotaya nthawi.

Ntchito imene inatiphunzitsa zambiri inali ya bambo wina, mphunzitsi wa kufupi ndi Mtunthama. Kunyumba kwawo kunali khanda, ndipo mpira wa ku Ulaya umene amaukonda umayamba cha m'ma 9 kapena 10 koloko usiku. Anagula mahedifoni abwino ndithu, osati kwa ife, n'kuwalumikiza ndi Bulutufu ya mu tivi momwemo. Anati: "Achimwene, penate ndimaona mpira uli kale mu ukonde, kenako m'pomwe ndimamva phazi likumenya. Ndiye nthawi zina amangoti zii, n'kubweranso." Anali ndi matenda onse awiri.

Ndinapita Loweruka masana. Poyesa kuchedwa sindigwiritsa mpira, chifukwa wolengeza saoneka pakamwa. Ndimaika nkhani za Chichewa n'kuyang'anitsitsa milomo ya wowerenga. Pa mawu onga "bambo" kapena "pamene" milomo imatsekeka kaye, ndiye ukaona yatseguka kale iwe usanamve "ba", palibenso chokayikitsa. Bambowo atavala n'kuyang'ana chimodzimodzi anaseka, akuti wowerenga nkhaniyo akuoneka ngati akutafuna chingamu.

Iwo anali atayesa kale kukonza okha. Mu menyu ya mawu anapeza polembedwa Audio Delay, ena amalemba Lip Sync kapena AV Sync, n'kukweza nambala mpaka kumapeto. Ambiri amagwa pamenepa. Pa tivi ndi madikoda ochuluka, nambala imeneyi imachedwetsa mawu, chifukwa anaiikira nthawi imene chithunzi ndicho chikutsalira. Mawu ochedwa kale ukawachedwetsanso, mpata umangokula. Ndinaibweza pa 0, mu tivi ndi mu dikoda momwe. Zilipo tivi zina zimene zimalola kupita kumunsi kwa 0, ndipo ngati yanu ili choncho yambani kuyesa pamenepo musanawononge ndalama, yawo inalibe. Ndinazimitsanso Game Mode, imene mwana wawo wamkulu anaisiya yoyaka. Imeneyi imafulumizitsa chithunzi, zomwe n'zabwino kwa osewera magemu, koma kwa woonera pa mahedifoni zimakulitsa kusiyana. Zinasinthako pang'ono, koma milomo inali ikutsogolabe.

Chimene chimachiza kwenikweni ndi kuisiya Bulutufu ya mu tivi n'kuika kabokosi kapadera kotumiza mawu, tiransimita, kodziwa njira yofulumira yolembedwa aptX Low Latency kapena aptX LL. Njira imeneyi ndi ya kampani ya Qualcomm, ndipo imatsitsa kuchedwa kufika pa mamilisekondi pafupifupi 40, amene diso silizindikira. Koma pali msampha umene ogulitsa ambiri sanena: mbali zonse ziwiri ziyenera kuidziwa. Tiransimita ikaidziwa koma mahedifoni osaidziwa, zimagwirizana mwakachetechete kubwerera ku SBC kapena njira ina yochedwa, ndipo ndalama yapita pachabe. Mahedifoni a aphunzitsi aja analibe. Ndinali nditanyamula athu oyesera, ndiye tinaika amenewo kuti adzionere okha asanagule.

Kumbuyo kwa tivi yawo kunali kabowo kokhala ndi kachitseko, kolembedwa OPTICAL, kowala kofiira mkati tivi ikayaka. Ndinachotsa tizipewa ta pulasitiki kunsonga kwa chingwe chake, chifukwa anthu amaiwala n'kumakakamiza mpaka kuthyola kachitseko, ndipo ndinalumikiza. Mahedifoni anagwirana ndi tiransimita, kagetsi kolembedwa LL kanayaka, koma m'khutu munali zii. Bambowo anayamba kundiyang'ana cham'mbali. Chifukwa chake n'chakuti tivi inali pa Auto, ikutulutsa mawu a Dolby Digital, amene timabokosi tambiri totere sitimatha kuwamasulira. Ena amangomva chete, ena mkokomo wa shiii. Mu menyu ya mawu, pa Digital Audio Out, ndinasankha PCM, mawu n'kubwera nthawi yomweyo. Tivi ikakhala yopanda kabowo kowalako, timagwiritsa ntchito ka mahedifoni ka 3.5 mm, kapena tofiira ndi toyera tolembedwa AUDIO OUT kumbuyo kwa dikoda. Onetsetsani kuti palembedwa OUT, chifukwa tambiri ta pa tivi ndi tolowetsera mawu.

Ubwino wa kabowo kowala ndi wakuti pa tivi zambiri masipika amapitiriza kulira, ndiye umatha kumva zonse ziwiri n'kuyerekeza. Ndi mahedifoni awo, mawu ankamveka kawiri, wowerenga nkhani akudzibwereza yekha. Ndi athu oyesera, zinangokhala mawu amodzi onenepa pang'ono. Aphunzitsiwo sanafunenso kuti ndiwafotokozere.

Kudukaduka kunatsala, ndipo ndinakusiya dala kuti tione gwero lake palokha. Bulutufu imayenda pa 2.4 GHz, pomwenso pamayenda wayifayi. Pa shelefu yawo, kansi kwa tivi, panali karauta ka intaneti, ndipo ine ndinali nditasiya tiransimita ikulendewera kumbuyo kwa tivi pafupi nako. Mayi a kunyumba atayamba kuonera mavidiyo pa foni kudzera pa karauta kaja, mawu anayamba kudumphadumpha pomwepo. Tinasamutsira karauta pa windo, mamita awiri kuchoka pa tivi, tiransimita n'kuitulutsa kutsogolo poti ionane ndi mpando. Pa bokosi amalemba mamita 10, koma amenewo ndi a pamtetete. Msana wa tivi uli ndi chitsulo, khoma la njerwa zootcha limadya mphamvu yambiri, ngakhale thupi la munthu limatchinga, moti ena amadukirwa akangotembenuza mutu. Njira zofulumirazi zimasunganso mawu ochepa podikira, choncho sizipirira zosokoneza ngati SBC. Ukachiza kuchedwa, malo oika kabokosi amafunika kuwasamala koposa kale.

Kuduka kwina kunalibe chochita ndi wayifayi kapena zotchinga. Mahedifoni ena amagwira zipangizo ziwiri nthawi imodzi, ndiye uthenga ukalowa pa foni amasiya tivi kwa kamphindi n'kuthamangira foni. Chizindikiro chake n'chakuti amaduka mwaukhondo, sekondi imodzi kapena ziwiri, popanda kukhadzula mawu. Aphunzitsi ali m'magulu ambirimbiri a pa foni, a kusukulu, a kutchalitchi, a maliro a kumudzi, ndipo zija ankati "amangoti zii" zinali zimenezi. Kuzimitsa Bulutufu ya pa foni poonera mpira kunathetsa nkhaniyo. Ndinawauzanso kuti batire ikatsala pang'ono mahedifoni ambiri amayamba kulira kapena kudula mawu, ndiye aziwatchaja masana magetsi akadalipo.

Kuchokera nthawi imeneyo kagulitsidwe kathu kanasintha. Wofuna mahedifoni a tivi timamuvalitsa mu shopu, aone nkhani pa tivi yathu, ndipo tiransimita ndi mahedifoni timagulitsa pamodzi titaziyesa kuti kagetsi ka LL kakuyakadi. Zolembedwa pa bokosi sitizikhulupiriranso. Bluetooth 5.0 kapena 5.3 siikuuza chilichonse za kuchedwa, ndipo mawu oti Low Latency kapena Gaming Mode pa timahedifoni tolowetsa m'khutu si chimodzimodzi ndi aptX LL. Tina timafulumirako ndithu, tina ndi inki chabe. Mng'ono wanga akapita kukapikula amanyamula tiransimita ndi pawabanki m'thumba, n'kuyesa pomwepo asanalipire katoni. Ogulitsa ena amakwiya nazo, koma katundu wobwezedwa amawola m'manja mwathu, osati mwawo. Mahedifoni a aptX LL akusowanso masiku ano, chifukwa atsopano ambiri akubwera ndi aptX Adaptive, imene imachedwerapo pang'ono ngakhale poonera kanema ambiri saidandaula, bola tiransimita nayonso ikhale yoidziwa.

Amene amafuna kumvera awiri, bambo ndi mayi, timawachenjezeratu kuti matiransimita ambiri akagwira mahedifoni awiri osiyana amatsikira ku njira imene onse akuidziwa, ndiye ochedwawo amachedwetsa ndi anzawo. Ndipo wina akabwera ndi ndalama yochepa, mpando wake uli mamita atatu kuchoka pa tivi, ndimamugulitsa mahedifoni a chingwe ndi chingwe chowonjezera cha mamita asanu. Phindu lake kwa ife ndi lochepa, mng'ono wanga amadandaula nthawi zonse, koma mwa amenewo amabwerako ndi okhawo amene mwana wakoka chingwe n'kudula.