Zithunzi ziwiri za chikwama chimodzi: masiku 14 osasintha kanthu

Ndimasoka zikwama za chitenje madzulo ndikaweruka kuntchito, kuno ku Chilomoni. Nsalu ndimakagula ku Limbe Loweruka m'mawa, ndipo pa mwezi ndimatha kumaliza zikwama 15 kapena 20. Chomwe chakhala chikundivutitsa mutu si kusokako ayi, koma chithunzi choti ndiziika pa Facebook ndikamatsatsa. Kodi anthu amakopeka ndi chikwama chili chokha patebulo, kapena chili paphewa la munthu? Ndayesapo kawiri m'mbuyomu ndipo maulendo onse awiri sanandiuze kanthu. Apa ndikulemba za ulendo wachitatu monga ndinkalembera m'kope langa.

Ulendo woyamba ndinaika chithunzi cha patebulo pakati pa mwezi, ndi mawu aatali, mtengo osautchula. Kumapeto kwa mwezi ndinaika cha paphewa, ndi mawu aafupi, mtengo ndi kuulemba. Chachiwiricho chinabweretsa mauthenga ambiri ndipo ndinati basi, chithunzi cha paphewa ndiye chabwino. Koma zinthu zinayi zinali zitasintha nthawi imodzi: chithunzi, mawu, mtengo, ndi nthawi ya mwezi. Aliyense wa mu Blantyre muno akudziwa kuti pa 14 anthu amangoyang'ana, pa 28 ndi pamene amafunsa nambala ya Mpamba kapena Airtel Money. Mwina malipiro ndi amene anagwira ntchito yonseyo.

Ulendo wachiwiri ndinaika zithunzi zonse ziwiri tsiku limodzi, pansi pa gulu limodzi la otsatsiridwa mu Ads Manager, pamene pamayendetsedwera malonda olipira a pa Facebook. Ndimaganiza kuti ndalama zigawika pakati. Sizitero. Facebook ikaona kuti chimodzi chayamba bwino pang'ono m'maola oyamba, imakankhira ndalama zambiri komweko. Pofika tsiku lachinayi chithunzi chimodzi chinali chitadya pafupifupi zonse, chinzake chitangolawa. Chimene sichinaonetsedwe kwa anthu sungachiweruze.

Tsiku lokonzekera, Lamlungu

Ulendo uno ndagwiritsa ntchito A/B Test ya mu Ads Manager. Ubwino wake ndi woti imagawa anthu m'magulu awiri mwachisawawa, ndipo munthu wa gulu lina saona chithunzi cha gulu linalo. Ndalama nazo imagawa mofanana.

Chikwama ndi chimodzi, chofiira cha maluwa achikasu. Chithunzi A chili patebulo, kumbuyo khoma loyera. Chithunzi B chili paphewa la mng'ono wanga, ataima kutsogolo kwa khoma lomwelo. Zonse ndajambula ndi foni imodzi, m'mawa womwewo, kuti kuwala kusasiyane. Mawu ndakopera chimodzimodzi, mtengo womwewo, batani lomwelo lopita ku WhatsApp. Anthu ndi omwewo: amayi ndi abambo a zaka 22 mpaka 50, mu Blantyre ndi makilomita 20 ozungulira. Ndazimitsanso zija Facebook imati ikuthandiza kukongoletsa chithunzi kapena kusintha mawu yokha, chifukwa ikakongoletsa chimodzi mosiyana ndi chinzake ndiye kuti sindikuyesanso zithunzi zanga.

Kenaka ndalemba zinthu zitatu m'kope ndisanadine batani, ndipo izi ndi zimene ndikuona kuti zinandisunga. Ndiyesa masiku 14, kuyambira Lolemba mpaka Lamlungu lachiwiri, kuti tsiku lililonse la sabata lipezeke kawiri. Chithunzi chilichonse chidya madola 2 pa tsiku. Ndipo chowerengera ndi chimodzi chokha: anthu amene ayamba kundilembera pa WhatsApp kuchokera pa malondawo. Osati odina kuti achikonda chithunzi, osati ndemanga. Ndikanasiya osalemba, ndikudziwa kuti pamapeto ndikanasankha nambala imene ikugwirizana ndi chithunzi chimene mtima wanga ukufuna, ndipo mtima wanga unali kale pa B.

Pali malo ena pamene imafunsa ngati ukufuna kuti iimitse kuyesaku msanga ikaona kuti chimodzi chapambana. Ndasiya osasankha.

Tsiku 3

A wabweretsa mauthenga 5, B wabweretsa 12. Ndalama zadyedwa mofanana, madola pafupifupi 6 mbali iliyonse.

Mng'ono wanga waona manambalawo pa foni yanga ndipo wati, "Achemwali, mukudikiranso chiyani? Zimitsani cha patebulocho, mukungotaya madola." Ndipo zomveka, chifukwa madola olipirira pa khadi masiku ano sapezeka mwachisawawa. Ineyo dzanja limayabwa.

Ndinakhala pansi ndi kakyuleta. Pali kawerengedwe kosavuta kamene kamagwira ntchito ngati mbali zonse ziwiri zadya ndalama zofanana. Uphatikize mauthenga a mbali zonse, upeze nambala imene ukaichulukitsa ndi iyo yomwe imakupatsa chiwerengero chimenecho (pa kakyuleta ndi kachizindikiro ka √), kenaka uchulukitse kawiri.

```
2 × √(A + B)
```

Kusiyana kwa A ndi B kukakhala kochepera pa yankho limenelo, ndiye kuti mwayi wokha ukhoza kubweretsa kusiyana koteroko, ngakhale zithunzizo zitakhala zofanana mphamvu. Apa 5 ndi 12 zikupanga 17. Chizindikiro chija chikupatsa 4.1, kawiri ndi 8.2. Kusiyana kwanga ndi 7. Sikunafike.

Koma ngakhale kukanafika, sindikanaimitsa, ndipo apa ndi pamene panandivuta kumvetsa poyamba. Muyezo umenewu umayembekeza kuti uyang'ana kamodzi kokha, pa tsiku limene unalonjeza. Ukatero, zithunzi zofanana zimakupusitsa pafupifupi kamodzi pa maulendo 20. Ukamayang'ana tsiku ndi tsiku ndi mtima woti pomwe kusiyana kudutse muyezo ndiimitsa, ukudzipatsa mipata yambiri yopusitsidwa. Kuyang'ana kotere maulendo 10 kumakweza mwayiwo kufika pafupifupi kamodzi pa maulendo 5. Zili ngati kuponya ndalama yachitsulo m'mwamba: mbali imodzi imatha kutsogola kwa kanthawi, ndipo ukasiyira pomwe yatsogolapo udzati ndalamayo ndi yokhota pamene ili bwinobwino.

Chinanso ndi chakuti masiku oyambirira Facebook imakhala ikadali kufufuza anthu oyenera kuwaonetsa. Iwo eni amati pamafunika zotsatira pafupifupi 50 m'sabata imodzi kuti kaonetsedwe kakhazikike, ndipo amalangiza kuti kuyesa kusachepere masiku 7. Ndi madola 2 pa tsiku sindingafike pa 50 m'sabata, choncho manambala anga azigwedezeka kuposa a munthu wa ndalama zambiri. Ndinamuuza mng'ono wanga kuti, "Iwe, tidikire. Tinagwirizana masiku 14."

Tsiku 6

Lero mavuto awiri. Ndaona kuti m'mawu muja ndinalemba kuti ndimabweretsa katundu ku Ginnery Corner ndi ku Limbe, koma ndinaiwala Chichiri, kumene ambiri amakonda kukumanirana. Ndimafuna kukonza. Koma ukasintha mawu a malonda amene akuyenda kale, amakaunikidwanso ndipo kufufuza anthu kuja kumayambiranso. Masiku 6 oyamba ndi masiku 8 otsala sakanakhalanso kuyesa kumodzi. Popeza cholakwikacho chili mbali zonse ziwiri mofanana, sichikukondera chilichonse. Ndachisiya, ndipo amene akufunsa ndikuwauza za Chichiri pa WhatsApp pomwepo.

Vuto lachiwiri ndi la mng'ono wanga uja. Wanyadira kuti ali pa chithunzi, ndipo amafuna kuitana anzake a kukwaya kuti akalembe ndemanga pansi pake. Ndamupempha kuti adikire. Chithunzi chokhala ndi ndemanga 30 zoyamikira chimaoneka mosiyana ndi chopanda ndemanga, ndipo pamenepo B akanakhala ndi zinthu ziwiri zomusiyanitsa ndi A. Sanasangalale, koma wamva.

Tsiku 9

Magetsi anazima kuyambira m'mawa mpaka usiku dera lathu lonse, ndipo mauthenga anatsika mbali zonse: A 2, B 1. Zikanakhala kuti ndikuyesa chithunzi china sabata ino, china sabata yamawa, tsiku ngati limeneli likanagwera chimodzi chokha.

Masiku ano ndikutsegula Ads Manager kamodzi madzulo, kungoona ngati khadi yalipira ndiponso ngati ndalama zikudyedwa mofanana. A wayamba kuyandikira.

Tsiku 14

Zatha usiku wa Lamlungu. A wabweretsa mauthenga 43, B 49, chilichonse chitadya madola pafupifupi 28. Ndiye kuti uthenga umodzi wa A wandidyera masenti 65, wa B masenti 57.

Pa maso B akuoneka wopambana. Pa kakyuleta ayi. 43 ndi 49 zikupanga 92, chizindikiro chija chikupatsa 9.6, kawiri ndi 19. Kusiyana kwanga ndi 6 basi, kutali kwambiri ndi 19.

Chimene chandikhalitsa chete ndi kuchotsera masiku atatu oyamba aja. Kuyambira tsiku 4 mpaka 14, A wabweretsa 38, B 37. Kutsogola konse kwa B kunachitika m'masiku atatu amene ndinatsala pang'ono kuimitsa. Ndikanazimitsa A tsiku lija, bwenzi lero ndikuuza anzanga osoka kuti chithunzi cha paphewa chimabweretsa makasitomala kuposa kawiri, ndipo bwenzi ndikukhulupirira ndi mtima wonse.

Zikwama zogulidwa ndinalembanso, chifukwa uthenga wochokera pa malonda umafika pa WhatsApp uli ndi kachithunzi ka malondawo pamwamba. A wagulitsa 6, B 5. Manambala ochepa chonchi sanganene kanthu, ndipo si amene ndinalonjeza kuwerengera.

Izi sizikutanthauza kuti zithunzizo ndi zofanana ndendende. Mwina B ndi wabwinoko pang'ono ndithu. Koma ndi mauthenga pafupifupi 90, chimene ndingathe kuchiona ndi kusiyana kwakukulu kokha, monga 36 ndi 55. Kuti ndione kusiyana kwa theka la pamenepo ndikufunika mauthenga ochuluka kanayi, ndiye kuti madola oposa 200, ndipo zikwama zanga sizingabweze ndalama zimenezo. Chimene ndatola ndi chakuti sindikufunika kudikira Loweruka loti mng'ono wanga ali ndi mpata kuti ndijambule chikwama chatsopano. Tebulo ndi khoma zikukwanira.

Tsiku 16

Ndakonza mawu aja, Chichiri yalowa. Mng'ono wanga ndamumasula kuti aitane anzake a kukwaya.

Kuyesa kotsatira ndasankha chinthu chimene chingasiyane kwambiri moti ndalama zanga zochepazi zikhoza kuchiona: chithunzi cha patebulo chija, kuyerekeza ndi kavidiyo ka masekondi 15 koonetsa dzanja likutsegula zipi ndi matumba am'kati, chifukwa theka la amene amandilembera funso lawo loyamba limakhala lakuti mkatimo muli matumba angati. Chikwama chomwecho, tebulo lomwelo, mawu omwewo okonzedwa. Ndalemba kale m'kope masiku 14 ndi madola 2 mbali iliyonse. Ndiyamba Lolemba likudzali ndikangomaliza kusoka zofiira zinayi, chifukwa nsalu ya maluwa achikasu ija yatsala mamita atatu okha.