Mmene ndimadziwira saizi ndi ntchito ya mota yamagetsi imene ilibe puleti

Mota zambiri zimene ndimaitanidwa kukaona kuno ku Mangochi zimakhala zilibe kapuleti kamene wopanga amalembapo mphamvu, liwiro ndi saizi ya fulemu. Pena kamakhala katadyeka ndi dzimbiri chifukwa cha chinyontho cha kunyanja, pena katapakidwa penti, ndipo pena katathothoka kalekale pa nthawi imene mota inkakulungidwanso mawaya. Komabe thupi la mota limapangidwa motsatira miyezo yokhazikika, kotero kuti munthu amene ali ndi tepi ndi kalipa, chida chopanira chitsulo poyeza kunenepa kwake, akhoza kupeza zambiri mwa zimene zinali pa puletipo. Ndifotokoza mmene ndinachitira ndi mota ya chigayo china cha ku Namwera imene inapsa, mwini wake akufuna kugula ina yoti ikakhale pamalo omwewo popanda kuswa simenti kapena kusintha pule.

Nditazimitsa magetsi pa switchi yaikulu ndi kutsimikiza ndi mita kuti mawaya alibe moto, ndinayamba ndaiyang'ana kaye motayo ndisanayeze kanthu. Thupi lake linali lachitsulo cholemera, lokhala ndi nthiti zoyenda m'litali kuchokera kumbuyo kufika kutsogolo, ndipo kumbuyoko kunali chivindikiro chokhala ndi timabowo, m'kati mwake muli fani yomangidwa pa shafiti. Imeneyi ndi mota yotsekedwa kotheratu, imene m'mabuku a ogulitsa amailemba kuti IC411 kapena TEFC: mpweya wakunja sulowa m'mawaya, koma fani imaukankha kuti uyende m'mipata ya nthitizo n'kuchotsa kutentha. Mota yosalala yokhala ndi mazenera m'mbali imazizira ndi mpweya wodutsa m'kati, ndipo m'chigayo siyenera konse chifukwa ufa ungadzaze m'mawaya. Pa mota imeneyi panalibe chotupa chosungiramo kapasita monga zimakhalira ndi mota za fezi imodzi, ndipo m'bokosi la mawaya munali mitu isanu ndi umodzi, kusonyeza kuti ndi ya mafezi atatu ndipo ikhoza kuyatsidwa ndi sitata ya sitala-delita imene inali pakhoma.

Nthitizo zinandiuzanso chimene chiyenera kuti chinaipha. Mipata yake inali itadzaza ndi ufa wosakanikirana ndi girizi, wouma gwa, moti ndinachita kupala ndi sikuludiraiva, ndipo mapiko awiri a fani anali atathyoka. Mota yotereyi imadalira nthitizo basi kuti izizire, ndiye zikamatidwa chomwechi m'nyengo yotentha ya Okutobala, kutentha kumangounjikana m'kati mpaka vanishi ya mawaya kupsa.

Muyezo woyamba, umene ndi mutu wa nkhani yonse, ndi kutalika kochokera pansi pa miyendo kufika pakati penipeni pa shafiti. Pa mota zotsatira miyezo ya IEC, bungwe la padziko lonse loika miyezo ya zamagetsi, zimene ndi zofala m'dziko muno, nambala ya fulemu ndi kutalika kumeneku m'mamilimita: fulemu 132 ili ndi shafiti pa mamilimita 132, fulemu 160 pa 160, fulemu 180 pa 180. Kuloza pakati pa shafiti ndi diso kumasocheretsa, choncho ine ndimaika mota pamalo osalala, ndimayeza kuchokera pansi kufika pamsana pa shafiti, kenako ndimachotsapo theka la kunenepa kwa shafitiyo. Tinaitsitsa motayo pa njanji zake, zitsulo zimene imamangiriridwapo, ndinapala dothi kunsi kwa miyendo, ndipo ndinapeza mamilimita 181 kufika pamsana pa shafiti. Shafitiyo inali ya mamilimita 42, theka lake ndi 21, ndiye yankho linali 160.

Shafiti iyenera kuyezedwa ndi kalipa, osati tepi, komanso pamalo pamene sipanadyeke, makamaka pafupi ndi phewa lake, chifukwa pule ikakhala ikugwedera imadya chitsulo n'kuchepetsa muyezo. Fulemu iliyonse ili ndi shafiti yake: 132 imakhala ndi mamilimita 38, 160 ndi 42, ndipo 180 ndi 48. Utali wa shafiti yathuyi kuchokera paphewa unali mamilimita 110, mpata wa kiyi unali 12 m'lifupi, ndipo kumapeto kwake kunali bowo la mazinga, zonsezi zikugwirizana ndi fulemu 160. Ndimakonda kuti miyezo iwiri kapena itatu ivomerezane ndisananene kanthu, pakuti miyendo ya mota zina inawotcheredwapo zitsulo zokweza ndipo shafiti zina zinasemedwapo pa makina.

Nambala yokha sikwanira, chifukwa pambuyo pake pamabwera chilembo S, M kapena L, chimene chimanena za kutalikirana kwa mabowo a mabawuti m'litali mwa mota. Pa fulemu 160, mabowo amatalikirana mamilimita 254 m'lifupi, kaya ndi M kapena L, koma m'litali ndi 210 pa 160M ndi 254 pa 160L. Muyezowu umatengedwa kuchokera pakati pa bowo kufika pakati pa linzake. Yathuyi inapereka 254 mbali zonse, ndiye inali 160L. Opanga ena amaboola mabowo atatu mwendo uliwonse kuti thupi limodzi likwanire M ndi L, ndipo zikatero ndimayang'ana bowo limene lili ndi chipsera cha washala, kuti ndidziwe mmene njanji zinaikidwira.

Kamangidwe kake kanali kosavuta kukazindikira, popeza inali ndi miyendo yokha ndipo nkhope yake yakutsogolo inalibe mbale: imeneyo ndi B3. Ikanakhala ndi mbale yaikulu yopitirira thupi, ya mabowo opanda mazinga, koma yopanda miyendo, ikanakhala B5, imene imamangiriridwa pa giyabokosi kapena pa mpope. Nkhope yaing'ono ya mabowo a mazinga ndi B14, ndipo imapezeka kwambiri pa mota zing'onozing'ono. Yokhala ndi miyendo ndi mbale yaikulu pamodzi ndi B35. Mota ya mbale ikakhala ndi kadenga pamwamba pa chivindikiro cha fani, ndiye kuti inkaimirira shafiti italoza pansi, monga zimakhalira pa mipope ina yokoka madzi, ndipo kadengako n'koteteza ku mvula.

Chimene thupi silinena mwachindunji ndi liwiro, ndipo apa ndi pamene anthu ambiri amagulira mota yolakwika. Liwirolo limadalira kuchuluka kwa mapolo, mitu ya maginito imene mawaya a mota amapanga, ndipo fulemu 160L imodzimodziyo kawirikawiri imakhala ya 18.5 kW ngati ndi ya mapolo awiri, 15 kW ngati ndi ya mapolo anayi, ndi 11 kW ngati ndi ya mapolo asanu ndi limodzi. Pa magetsi athu a 50 Hz, zitatuzi zimazungulira pang'ono kuchepera 3000, 1500 ndi 1000 pa mphindi. Popeza mota inali yakupsa ndipo sikanayatsidwa, ndinayang'ana mapule. Ya pa mota inali ya mamilimita 300, ya pa chigayo 150, kutanthauza kuti chigayo chimazungulira kawiri mota ikazungulira kamodzi. Mota ya mapolo anayi ya 1460 ikanachipatsa pafupifupi 2900, liwiro limene nyundo za chigayo chotere zimagayira bwino, pamene ya mapolo awiri ikanachifikitsa kufupi ndi 5900, limene mabering'i ndi nyundo zake sizingapirire. Ndinaona choncho kuti inali ya mapolo anayi, 15 kW, imene eni zigayo amaitcha ya mahosipawa 20, ndipo wokulunga mawaya anadzatsimikiza zimenezi atawerenga makoyilo.

Mwini chigayo, bambo wachikulire ndithu, anali atapeza kale mota yakale kwa munthu wina pa boma, ndipo anati, "Amisiri, ndaiyeza ndi chingwe ndipo ikufanana ndendende, tangokaonani musanandiuze za ku Limbe." Ndinawayankha kuti, "Bambo, chingwe sichiona milimita imodzi, tiyeni tipite ndi kalipa." Poiona inalidi yofanana, ya nthiti ndi miyendo, ndipo mabowo ake anali 254 mbali zonse. Koma kutalika kwa shafiti kunatuluka pafupifupi 159, kunenepa kwake 41.3, utali wake kupitirira pang'ono 100, mpata wa kiyi 9.5, ndipo kumapeto kunalibe bowo la mazinga.

Manambala osakwanira bwino otere ndi chizindikiro chakuti mota inapangidwa m'mainchi, motsatira miyezo ya NEMA ya ku America. M'miyezo imeneyo, manambala awiri oyamba a fulemu akagawidwa ndi 4 amapereka kutalika kwa shafiti m'mainchi. Fulemu 256T imapereka 25 kugawa ndi 4, amene ndi mainchi 6.25 kapena mamilimita 158.75, ndipo shafiti yake ndi mainchi 1.625, amene ndi mamilimita 41.3. Mota imeneyi imakhala bwinobwino pa mabawuti a 160L, n'chifukwa chake imanyenga. Kusiyana kwa kutalika sikukanavuta pa makina a malamba, ngakhale kuti pa mpope wolumikizidwa mwachindunji kukanafuna kuika timapepala tachitsulo pansi pa miyendo. Vuto lenileni linali pule, chifukwa bowo la mamilimita 42 pa shafiti ya 41.3 limagwedera, kiyi ya 12 silowa mu mpata wa 9.5, ndipo amene angakakamize zimenezi amadya shafiti ndi pule yomwe m'kanthawi kochepa. Njira yake ikanakhala kugula bushi ya tepaloko ya bowo la mainchi, kachitsulo kolowa pakati pa pule n'kufinya shafiti. Kuwonjezera apo, ngati inapangidwira 460 V pa 60 Hz, pa magetsi athu ikanayenda ndithu, koma liwiro ndi mphamvu yake zikanatsika ndi gawo limodzi mwa magawo asanu ndi limodzi, ndiye mahosipawa 20 akanakhala osakwana 17.

Ndinayesabe mapolo ake, popeza mawaya ake anali amoyo. Ndinalumikiza mita ya singano, itaikidwa pa muyezo wotsika kwambiri wa karenti, ku mitu iwiri ya koyilo imodzi, kenako ndinazunguza shafiti ndi dzanja pang'onopang'ono kamodzi. Maginito ochepa otsalira m'chitsulo amagwedeza singanoyo, ndipo inapita n'kubwerera kawiri, kusonyeza mapolo anayi. Ya mapolo awiri imapita n'kubwerera kamodzi, ya asanu ndi limodzi katatu. Pa shafiti yake panali chipsera chachifupi chowala kumapeto kokha, ngati cha kapulini, chitsulo cholumikiza mashafiti awiri, ndipo miyendo inalibe zizindikiro za kukhuluzika pa njanji, ndiye ndinaganiza kuti inkayendetsa mpope kapena makina ena olumikizidwa mwachindunji. Zimenezi zinandikayikitsanso pa bering'i yakutsogolo, chifukwa malamba amakokera shafiti cham'mbali mwamphamvu, ndipo bering'i yakale imene sinakumanepo ndi katundu wotere ndimafuna isinthidwe isanamangidwe pa chigayo.

Bambowo atawerengera mtengo wa bushi, mabering'i ndi mphamvu yotsikayo, anaisiya. Ndinawalembera pepala loti akapereke kwa ogulitsa, lonena kuti 15 kW, mapolo anayi, 400/690 V, 50 Hz, fulemu 160L, B3, IC411, IP55 kutanthauza yotetezedwa ku fumbi ndi madzi owaza, shafiti mamilimita 42, ndiponso kuti bokosi la mawaya likhale pamwamba monga linalili pa yopsayo, kuti paipi ya mawaya ifikepo. Ndinawapemphanso kuti akanene kuti motayo ikukayendetsa malamba, kuti ogulitsa akaone ngati bering'i yakutsogolo ikukwanira katunduyo, ndi kuti mnyamata wogayitsa azipukuta nthiti ndi chivindikiro cha fani madzulo aliwonse akazimitsa switchi.