Malata 120 ndi kalata imodzi

Lolemba m'mawa ndinapeza makotesheni atatu pa tebulo langa. Bungwe lathu likukonza denga la makalasi awiri pa sukulu ina kufupi ndi Jali, ndipo tikufuna ntchito ithe mvula isanayambe. Mnzathu woyang'anira zomangamanga, pofuna kundipeputsira ntchito, anali atafunsa kale mitengo ya malata. Wina anamuimbira foni, wina anamulembera pa WhatsApp, wachitatu anangomudzera pa sitolo yake m'tauni muno pobwerera ku nkhomaliro.

Nditayala mapepalawo ndinaona kuti palibe choyerekeza. Woyamba analemba malata a geji 32, mafiti 10. Wachiwiri analemba a geji 28, mafiti 12, koma sananene ngati VAT ili momwemo. Wachitatu anangolemba kuti "malata 120" ndi mtengo wonse pansi pake, basi. Wotchipa kwambiri anali woyamba uja, ndipo mnzanga anali atazunguliza kale dzina lake ndi cholembera.

"Achimwene," ndinatero, "anthuwa sanayankhe funso limodzi. Aliyense wayankha lake."

Pa malata nambala ya geji ikamakwera, lata limapyapyala. La geji 32 ndi lopyapyala kuposa la 28, silichedwa kupindika mmisiri akaliponda, choncho liyenera kutchipa basi. Kuonjezera apo linali lalifupi ndi mafiti awiri. Munthuyo sanatinamize, anangogulitsa chimene anaganiza kuti tikufuna.

Masana onse ndinakhalira kulemba kalata imodzi yopempha mitengo. Ndinayamba ndaimbira mmisiri kuti andiuze chimene denga likufuna, ndipo ndinalemba momwemo: malata 120 a mizere wamba, osapakidwa utoto, geji 28, mafiti 12. Ndinapemphanso kuti aliyense alembe dzina la kampani yopanga malatawo ndi kukhuthala kwake m'mamilimita, chifukwa mawu oti "geji 28" ena amawatchula mwachisawawa. Pansi pake ndinajambula mabokosi oti adzaze: mtengo wa lata limodzi popanda VAT, mtengo wa onse, VAT pa mzere wakewake, thiransipoti pa mzere wakewakenso. Mabokosiwa ndi amene amandipulumutsa. Wogulitsa ukamusiya alembe mmene akufunira, zina amaziphatikiza, zina amazisiya dala, ndipo umadzazindikira tsiku lolipira.

Ndinalembanso kuti katundu akafike pa sukulu pomwepo pasanathe masiku 7 chilandirire oda, kuti mtengo ukhale wosasintha kwa masiku 30, ndi kuti tidzalipira katundu akafika n'kuwerengedwa. Za masiku 30 zi sizongodzazira pepala. Mitengo ya zipangizo imasintha msanga masiku ano, ndipo kotesheni yoti ikutha mphamvu pakapita masiku atatu siifanana ndi yogwira mwezi wathunthu, ngakhale manambala atafanana. Pomaliza ndinaika kuti aphatikize chikalata cha MRA chosonyeza kuti za msonkho zili bwino, ndi kuti mayankho afike pofika Lachisanu 10 koloko m'mawa.

Malamulo a pa ofesi pathu amafuna makotesheni osachepera atatu, koma Lachiwiri ndinatumiza kwa anthu asanu, atatu a mu Zomba muno ndi awiri a ku Limbe, podziwa kuti ena sayankha. Anayi ndinawatumizira pa imelo nthawi imodzi, maadiresi awo ndikuwaika pa `Bcc` kuti asaonane. Zomba ndi yaing'ono. Ogulitsa akadziwa amene akupikisana nawo, amatha kuimbirana n'kugwirizana mitengo. Wachisanu ndi bambo wachikulire amene sagwiritsa ntchito imelo, choncho mesenjala anawapititsira pepala lomwelo m'mawa womwewo, iwo n'kusaina m'buku kuti alandira.

Chimene chinandiyesa chinabwera Lachitatu. Mmodzi wa a ku Limbe anaimba kufunsa ngati lole yaikulu ingafike pa sukulupo, komanso kuti otsitsa katundu alipira ndani. Funso labwino, ndipo ine ndinali nditaiwala kulembamo. Kuchoka pa tala kukafika pa sukuluyo pali kamsewu kafumbi ndi kamlatho kakang'ono koti lole yaikulu singawolokepo, ndipo otsitsa timapeza tokha, makolo a ana amathandiza. Pakamwa panali poyabwa kuti ndingomuyankha pomwepo. Koma ndikanatero, iye yekha akanadziwa kuti asawerengere ndalama za otsitsa, anzake anayi akanawerengera, ndiye kuti kalata ija yasanduka makalata awiri. Ndinamuuza kuti adikire pang'ono. Ndinalemba funso ndi yankho lake, osatchula amene wafunsa, n'kutumiza kwa onse asanu ola lomwelo. Mesenjala anapalasanso njinga ulendo wachiwiri, akung'ung'udza.

Lachinayi madzulo bambo achikulire aja anatulukira okha pa ofesi. Titapatsana moni ndi kufunsana za kunyumba, anasendeza mpando.

"Mwana wanga, tangondinong'oneza. Anzangawa alemba zingati?"

"Bambo, sindinatsegule ngakhale imodzi. Timatsegula mawa, tili atatu. Inuyo lembani mtengo umene mukuona kuti simuluza nawo."

Anaseka, n'kunena kuti ana a masiku ano ndi ouma mtima. Envelopu yawo anaisiya yomata. Zoona zake n'zakuti maimelo awiri anali atafika kale, koma amafikira ku adiresi yapadera imene sititsegula nthawi isanakwane. Chimene sunaone sungachiulule, ngakhale mkulu atakuchonderera bwanji.

Lachisanu nthawi itakwana tinakhala pansi ine, mayi owerengera ndalama ndi mnzanga wa zomangamanga uja. Anayankha pa nthawi yake anali atatu. Wachinayi anatumiza nthawi ili 11:40, ndipo tinangolemba kuti wachedwa, osatsegula. Mmodzi wotsalayo anangoti zii.

Tisanayang'ane mitengo tinayamba taona ngati aliyense wapereka chimene tinapempha. Mmodzi wa mu Zomba analemba K31,000 pa lata, onse K3,720,000, wotsika kuposa onse. Koma m'bokosi la geji analemba 30, n'kuonjezera ndi cholembera kuti 28 yamuthera. Mnzanga anati bwanji tingotenga, kusiyana kwake n'kochepa. Mayi aja anamuyankha ine ndisanatsegule pakamwa: "Ngati geji 30 ikutikwanira, tiwafunsenso onse za geji 30. Enawa akanatsitsanso." Tinaika pepalalo pambali.

Anatsala awiri. Wa ku Limbe analemba K34,000 pa lata, onse K4,080,000. Bambo aja analemba K36,500, onse K4,380,000. Poyang'ana lata limodzi, wa ku Limbe ndiye anatchipa ndi K2,500. Koma pa mzere wa thiransipoti iye anaika K420,000, zonse pamodzi n'kukwana K4,500,000, pamene bambo aja analemba kuti akatula okha ndi kalole kawo popanda kuonjezera kanthu. Tikuyerekeza mitengo yopanda VAT mbali zonse, iwo anatsika ndi K120,000. Malata anali a geji imodzi, kukhuthala kofanana, masiku 30 onse anavomera, zikalata za msonkho zinalipo. Tinalemba zonsezi pa pepala loyerekezera, ndi chifukwa chimene tasiyira wa geji 30 uja, tonse atatu n'kusaina.

Masana ndinalembera amene sanapambane kuwadziwitsa, kenako ndinatsegula kalata ija n'kuonjezeramo mzere wa msewu ndi wa otsitsa katundu, poti mwezi wamawa tikufuna simenti ya pa sukulu yomweyo. Mmisiri ndamuuza kuti tsiku lofika malata adzakhalepo ndi tepi yake ndi kachipangizo koyezera kukhuthala, adzayeze angapo a pakati pa mulu asanasaine kuti talandira.