Mafayilo onse anafika, koma onse anali anga

Sabata ino ntchito inali imodzi basi, kusamutsa foda ya maakaunti kuchoka pa seva yakale kupita pa yatsopano. Ma GB 420, zonse pa Linux. Abwana anangoti madeti a mafayilo asasinthe chifukwa maodita amayang'ana kuti fayilo inakhudzidwa liti, komanso aliyense azitsegula zake zokha ngati kale.

Lolemba ndinayamba ndi kuyesa kaye rsync, pulogalamu yokopera mafayilo, ndi `-n` yomwe imangokuonetsa zomwe zichitike osakopera kanthu. Zinathandiza, ndinali nditaiwala ka `/` kumapeto kwa dzina la foda. Ukalemba `/srv/accounts` imanyamula fodayo yonse n'kukaiika mkati mwa inzake, ukupeza `accounts/accounts`, koma ukalemba `/srv/accounts/` imatenga zamkati zokha. Nditakonza ndinathamangitsa iyi mkati mwa `tmux`:

```
sudo rsync -aP /srv/accounts/ admin@192.168.1.20:/srv/accounts/
```

Switchi yathu ndi ija yakale ya 100 Mbps, ikalimba imakoka ma MB 11 pa sekondi, ndiye kuwerengera kwake ndi maola pafupifupi 11. Ndinaisiya usiku ndikupita kunyumba.

Lachiwiri kufika m'mawa ndapeza magetsi anazima usiku, batire silinapirire, ntchito yaima pakati. Sindinadandaule, ndinangothamangitsanso lamulo lomwe lija. Apa ndi pomwe nkhani ya madeti imakomera, rsync ikafuna kudziwa ngati fayilo inakoperedwa kale imayang'ana kukula kwake ndi nthawi yomwe inasinthidwa komaliza, zikafanana mbali zonse imadumpha. `-a` ili ndi `-t` yosunga madeti mkati mwake, ndiye zomwe zinafika kale inangozidutsa n'kupitiriza pomwe inalekera. Popanda `-t` fayilo iliyonse ikanakhala ndi deti la tsiku lokopera, ikanaoneka yosiyana, n'kuyambanso kuiwerenga yonse.

Lachitatu ndi lomwe linandichititsa manyazi. Ndauza anthu kuti yesani seva yatsopano, pasanathe mphindi khumi amayi a ku malipiro abwera, akuti achimwene foda yanga ikukana. Kupanga `ls -l` ndikuona madeti ali bwinobwino, `rwx` ali momwe analili, koma mwini wa fayilo iliyonse ndi `admin`, ineyo. Foda ya amayiwo ndi ya `700`, kutanthauza mwini wake yekha ndiye amalowa, ndiye mwini wake pano ndine, iwo atsekeredwa panja.

Chinachitika n'chakuti `-a` imayesadi kusunga mwini ndi gulu, koma kupereka fayilo kwa munthu wina pa Linux ndi ntchito ya `root`. `sudo` yanga ija inagwira pa seva yakale yokha, kuti ndithe kuwerenga mafayilo a anthu onse. Mbali yolandira rsync imathamanga ngati `admin` wamba, ndipo chowawa n'chakuti sidandaula, imangosiya za mwinizo n'kumaliza ngati zonse zili bwino. Ine ndinakhulupirira kuti poti palibe uthenga wofiira ndiye zatheka.

Mankhwala ake ndi kuuza mbali inayo kuti nayonso ithamange ndi `sudo`, ndipo pa seva yatsopano ndinalola `admin` mu `sudoers` kuthamangitsa rsync osafunsidwa pasiwedi, apo ayi imangofa. Ndisanatero ndinaonetsetsa kaye kuti maakaunti a anthu onse alipo kumeneko ndi mayina omwewo, chifukwa rsync imafananiza eni mafayilo potengera dzina, dzina likasowa imagwiritsa nambala, ndipo nambala 1003 ya amayi aja itha kukhala ya munthu wina pa makina atsopano.

```
sudo rsync -aHAX -ni --rsync-path="sudo rsync" /srv/accounts/ admin@192.168.1.20:/srv/accounts/
```

`-H`, `-A` ndi `-X` ndinawonjezera chifukwa mu `-a` mulibemo, ndipo ife mafoda ena tinawapatsa zilolezo zapadera ndi `setfacl`, popanda `-A` zimatsala. `-i` inatulutsa mizere yambirimbiri yoyamba ndi `.f....og...`, kadontho koyambako kakutanthauza kuti fayilo siitumizidwanso, `o` ndi `g` kuti mwini ndi gulu ndi zomwe zisinthe. Nditachotsa `n` inatha mphindi zochepa chabe, ma GB 420 aja sanayendenso pa waya.

Lachinayi anthu anagwirabe pa seva yakale. Madzulo onse ataweruka ndinatseka kulembako, n'kuthamangitsa komaliza ndi `--delete` kuti zomwe anafufuta sabata ino zichokenso kwatsopano. Iyi ndimaiopa, ukasemphanitsa kochokera ndi kopita imafufuta zenizeni, ndiye ndinayamba ndi `-n` n'kuwerenga mzere uliwonse wa `deleting`. Kenako usiku ndinasiya `-nic` ikuyenda, `-c` imawerenga zamkati mwa fayilo iliyonse mbali zonse osadalira deti, imachedwa koma magetsi aja anandisiyira kamtima.

Lachisanu m'mawa sikirini inali yopanda mzere ngakhale umodzi. Amayi aja anatsegula foda yawo, fayilo ya malipiro ya 2019 ikuonetsabe 2019. Mzere wa mu `sudoers` uja ndinauchotsa ndisanapite kukadya nkhomaliro.