M'mene ndinawerengera mahekitala a nkhalango yomwe inatha kumapiri a kuzambwe kwa Salima

Anthu a komiti yoona zachilengedwe m'dera lina loyandikana ndi nkhalango ya Thuma anandipempha kuti ndiwathandize kudziwa kukula kwa malo omwe mitengo inatha pakati pa chaka cha 2014 ndi cha 2020, chifukwa pamsonkhano uliwonse ankangotsutsana, ena akunena kuti phiri lonse latha ndi makala, ena akuti mitengo ikadalipo yambiri. Dera lomwe anandipatsa malire ake ndi la mahekitala 5,400, ndipo lili ndi nkhalango ya miombo m'mapiri, minda ya chimanga ndi thonje m'munsi, komanso midzi yodzaza ndi mitengo ya mango.

Ndinasankha zithunzi za setilaiti ya Landsat 8, yomwe inayamba kujambula mu 2013 ndipo imadutsa pamalo amodzi pakatha masiku 16 aliwonse. Zithunzi zake zimapezeka kwaulere pa tsamba la pa intaneti lotchedwa EarthExplorer. Chithunzi chotere ndi chopangidwa ndi timabokosi ting'onoting'ono, ndipo kabokosi kamodzi kamaimira malo a mamita 30 m'litali ndi mamita 30 m'lifupi, omwe ndi masikweyamita 900. Popeza hekitala imodzi ndi masikweyamita 10,000, kabokosi kalikonse ndi mahekitala 0.09, ndipo dera lathu lonse linali ndi timabokosi 60,000. Ntchito yonse yagona pa kuuza kompyuta kuti kabokosi kalikonse inene ngati ndi nkhalango kapena ayi m'chaka choyamba, ichitenso chimodzimodzi m'chaka chachiwiri, kenako tiwerenge timabokosi tomwe tinasintha.

Ndisanayambe kalikonse ndinayenera kugwirizana ndi a komiti kuti nkhalango n'chiyani, ndipo tinatenga tanthauzo la FAO, bungwe la United Nations loona za chakudya ndi ulimi, lomwe limati ndi malo oposa theka la hekitala okhala ndi mitengo yotalika kuposa mamita asanu, yomwe nthambi zake zimaphimba gawo loposa 10 pa 100 aliwonse a nthaka, koma osati malo omwe ntchito yake yaikulu ndi ulimi kapena kukhalapo anthu. Mfundo yomalizayi inandithandiza pambuyo pake, chifukwa mango a m'midzi ya ku Salima amaoneka obiriwira kwambiri pachithunzi kuposa miombo yeniyeniyo, koma si nkhalango.

Mu pulogalamu yopangira mapu ya QGIS ndinajambula tizigawo tophunzitsira kompyuta pamalo omwe ndinali wotsimikiza za chomwe chilipo, monga nkhalango yothithikana, nkhalango yopyapyala, munda, dambo, mudzi wa mango ndi thanthwe. Chaka chilichonse chinali ndi tizigawo take, chifukwa malo omwe anali nkhalango mu 2014 mwina anali munda mu 2020. Kompyuta itagawa chithunzi chilichonse m'magulu amenewa, ndinawaphatikiza kukhala awiri okha: nambala 1 kuimira nkhalango, nambala 2 kuimira china chilichonse. Timabokosi tomwe tinali ndi mtambo kapena mthunzi wake m'chaka chimodzi ndinatichotsa m'mapu onse awiri, mothandizidwa ndi gawo la QA_PIXEL lomwe limabwera limodzi ndi chithunzi, chifukwa mthunzi wa mtambo ukasiyidwa umawerengedwa ngati kusintha.

Kuphatikiza mapu awiriwa ndi kophweka. Mu Raster Calculator, chida cha QGIS chochitira masamu pa mapu, ndinalemba motere:

```
"mapu2014@1" * 10 + "mapu2020@1"
```

Zotsatira zake ndi mapu amodzi okhala ndi manambala anayi okha. Nambala 11 ndi malo omwe anali nkhalango ndipo akadali nkhalango, 12 ndi nkhalango yomwe inatha, 21 ndi malo omwe mitengo yabwerera, ndipo 22 ndi malo omwe sanakhalepo nkhalango m'zaka zonse ziwiri. Chida chotchedwa Raster layer unique values report chimapereka chiwerengero cha timabokosi ta nambala iliyonse. Pamenepa m'pofunika kuonetsetsa kuti mapu onse awiri ali m'muyeso wa mamita, womwe kwathu kuno ndi UTM chigawo 36, komanso kuti timabokosi ta chaka china tagona ndendende pamwamba pa tinzake. Malire omwe a komiti anayenda nawo ndi GPS anabwera m'muyeso wa madigiri, EPSG:4326, ndipo ndinasintha malirewo kuti agwirizane ndi zithunzi m'malo mosintha zithunzi, popeza kutembenuza chithunzi kumasuntha timabokosi pang'ono.

Ulendo woyamba nambala 12 inatuluka ndi timabokosi 11,200, omwe ndi mahekitala 1,008, ndipo ndiyenera kuvomereza kuti ndinatsala pang'ono kukapereka chiwerengero chimenechi, chifukwa chinkagwirizana ndi madandaulo omwe ndinkamva. Chomwe chinandiletsa ndi maonekedwe a mapuwo. Malo otayika anali atayala phiri lonse la mbali yoyang'ana kumpoto, ngakhale pamwamba penipeni pomwe palibe njira ya ngolo kapena ya njinga, pomwe munthu wootcha makala sangavutike kukafika akusiya mitengo m'munsi. Kudula mitengo kwenikweni kumakhala ndi chizindikiro chake: kumayambira m'mphepete mwa minda ndi m'mbali mwa tinjira, n'kumalowa m'kati pang'onopang'ono.

Cholakwa chinali changa. Pofuna zithunzi zopanda mitambo, ndinatenga cha 2014 cha mwezi wa Meyi ndi cha 2020 cha mwezi wa Sepitembala. Mu Meyi mvula imakhala itangosiya kumene, miombo ili ndi masamba onse ndipo udzu wa pansi pake ukadali wauwisi. Pofika Sepitembala mitengo yambiri ya miombo imakhala itayoyola masamba, ina ikungoyamba kutulutsa masamba ofiira anthete, ndipo lupsa amakhala atadutsa, kusiya nthaka yakuda ndi phulusa. Setilaiti imaona kuwala komwe kukubwerera kuchokera pansi, ndiye mtengo wopanda masamba woima pa nthaka yopsa umaoneka mofanana kwambiri ndi munda wokololedwa. Chomwe ndinayeza poyamba chinali kusiyana kwa nyengo ziwiri.

Ndinabwerera kukafuna chithunzi cha 2020 cha nyengo yofanana ndi ya chithunzi choyamba, ndipo ndinapeza cha kumayambiriro kwa Juni chomwe chinali ndi timitambo tochepa m'mbali. Kwa miombo ya kuno, Meyi ndi Juni ndi miyezi yabwino, chifukwa mitambo ya dzinja imakhala itachepa, chimanga chitauma m'minda kotero kuti sichisokonezeka ndi mitengo, pomwe mitengo ikadali ndi masamba ndipo moto usanayambe. Nditabwereza ntchito yonse, nambala 12 inatsika kufika pa timabokosi 4,300, omwe ndi mahekitala 387. Mahekitala oposa 600 anazimiririka popanda mtengo ngakhale umodzi wobzalidwa.

Pa mapu atsopanowo panali timadontho tambiri ta kabokosi kamodzi kapena tiwiri, tomwazika m'malire a nkhalango ndi minda. Kabokosi ka m'malire kamakhala ndi mitengo theka ndi munda theka, ndiye chaka china kamagwera uku, chaka china uko. Popeza tinagwirizana kuti nkhalango iyambire pa theka la hekitala, ndinasefa timagulu tonse tosakwana timabokosi sikisi, omwe ndi mahekitala 0.54:

```
gdal_sieve.py -st 6 -8 kusintha.tif kusintha_kosefa.tif
```

Pa nambala 12 panatsala timabokosi 3,850, ndipo kuchulukitsa ndi 0.09 kunapereka mahekitala 346.5. Kusefaku kuli ndi vuto lake, chifukwa munthu yemwe wadula mitengo khumi yokha n'kuotcha uvuni umodzi wa makala sasiya malo okwana theka la hekitala, ndiye mapu samuona.

Anthu ambiri amaimira pamenepa n'kulemba lipoti, koma ine ndimaona kuti chiwerengero cha timabokosi sichinakhale yankho mpaka chitayesedwa. Chifukwa chake ndi chakuti zolakwa za mapu awiri zimakumana. Ngati mapu aliwonse amalondola pa malo 90 mwa 100, ndipo zolakwa zawo sizigwera pamalo amodzimodzi, mapu a kusintha angathe kulondola pa malo pafupifupi 81 okha mwa 100. Choncho ndinauza kompyuta kuti isankhe yokha mwachisawawa malo 50 m'kati mwa nambala 12 ndi malo 100 m'kati mwa nambala 11. Malo aliwonse ndinawayang'ana pa zithunzi zakale ndi zatsopano za Google Earth Pro, zomwe zimaonetsa mtengo umodziumodzi, ndipo omwe sanaoneke bwino tinawayendera ndi phazi.

Pamalo amodzi otere tinafika ndi bambo wina wachikulire wa m'komiti, GPS ili m'manja. Tinapeza zitsa za mitengo ya tsamba zofika m'mawondo, zina zitaphukira nthambi zazitali ngati munthu, ndipo pakati pake panali bwalo la dothi lofiira lopsa, losakanikirana ndi zinyenyeswa za makala. Bambo aja anaponda dothilo n'kunena kuti, "Achimwene, uvuni uwu ndi wa zaka zitatu zapitazo, onani m'mene mphukirazi zakulira." Malo amenewo mapu analondola. Koma malo ena anatifikitsa pa phompho la mwala pomwe mitengo inali chiimire, ndipo chinasokoneza kompyuta chinali mthunzi wa phiri, popeza Landsat imajambula m'mawa dzuwa lisanafike pamutu, ndipo m'miyezi yozizira mbali yoyang'ana kumwera imakhala mumdima.

Mwa malo 50 a nambala 12, malo 41 analidi nkhalango yotha ndipo 9 anali olakwika, ena chifukwa cha mthunzi, ena chifukwa anali mango kapena tchire lalifupi lomwe mapu a 2014 analitcha nkhalango. Amenewa ndi malo 82 mwa 100, ndiye mwa mahekitala 346.5 aja otsimikizika ndi pafupifupi 284. Mbali inayo, mwa malo 100 a nambala 11, malo awiri anali odulidwa ngakhale mapu ankati nkhalango ilipo, ndipo pamalo onse awiri mphukira zobiriwira ndi zomwe zinaphimba zitsa. Awiri mwa 100 akuoneka ochepa, koma gulu la nambala 11 linali ndi timabokosi 30,000, omwe ndi mahekitala 2,700, kotero kuti awiriwo akuimira mahekitala 54. Kuphatikiza 284 ndi 54 kunandipatsa mahekitala 338. Chiwerengero chimenechi sichiyenera kugwiridwa mwamphamvu kwambiri, chifukwa malo amodzi okha pa 100 aja akuimira mahekitala 27, ndipo ndikanapeza atatu m'malo mwa awiri yankho likanakwera kufika pa 365.

Nambala 21 inali ndi timabokosi 900, omwe ndi mahekitala 81, ndipo ena m'komiti anafuna kuti ndiwachotse pa mahekitala otayika kuti chiwerengero chichepe. Sindinavomere kuziphatikiza, ndipo ndinazilemba m'mizere iwiri yosiyana, chifukwa mphukira za zaka zisanu, ngakhale zitathithikana bwanji, sizipereka mthunzi, bowa, masuku kapena mitengo yomangira ngati nkhalango yomwe inadulidwa, ndipo ena mwa malowo anali mabulugamu obzalidwa m'mbali mwa minda.

Pamsonkhano wa pansi pa mtengo wa mango kwa agulupu ndinanena kuti nkhalango yomwe inatha m'zaka zisanu ndi chimodzizo ndi ya pakati pa mahekitala 300 ndi 380, ndipo ndinayala mapu osindikizidwa papepala lalikulu, malo otayika atapakidwa mofiira. Agulupu anawerama n'kutsatira ndi chala mzere wofiira womwe unkakwera m'mbali mwa mtsinje, kenako anafunsa kuti njira ya ngolo yomwe inatsegulidwa kumeneko inayamba chaka chiti. Mapu a zaka ziwiri zokha sakanatha kuyankha funso limenelo, ndiye tinagwirizana kuti ndikatenge chithunzi cha Juni wa 2017 ndi kugawa zakazo pawiri.