Sabata yomwe tinayeza liwiro la kuwala pa benchi la mamita awiri

Lolemba ndinatulutsa zida m'kabati kuti ndizikonzekeretse Lachinayi, tsiku lomwe ophunzira a fizikisi adzayeze okha liwiro la kuwala. Zidazo n'zochepa: bokosi limodzi lokhala ndi dayodi yowala yofiira ndi fotodayodi yolandira kuwala, malenzi awiri, magalasi awiri oimikidwa mokhoterana madigiri 90 pa kangolo koyenda pa njanji, tepi yoyezera, ndi osilosikopu yathu yakale ya mamegahetsi 20, chida choonetsa mafunde a magetsi pa sikirini.

Vuto la ntchito imeneyi ndi nthawi. Kuwala kukapita pa galasi lomwe lili mita imodzi ndi theka n'kubwerera, kumangotenga manano-sekondi 10. Mu 1849 Fizeau, wasayansi wa ku France, anazemba vutoli potalikitsa ulendo, kuwala kwake kunkayenda makilomita oposa 8 kuchokera ku Suresnes kukafika ku Montmartre n'kubwerera. Ife tilibe malo otero, choncho timathwanimitsa kuwala. Dayodi yathu imayaka ndi kuzilala maulendo 50.1 miliyoni pa sekondi. Diso limangoona kadontho kofiira kosasintha, koma fotodayodi imatulutsa funde la magetsi lomwe limatsalira m'mbuyo mwa funde lotumizidwa malinga ndi kutalika kwa njira yomwe kuwala kwayenda. Kutsalira kumeneku ndiko timayeza.

Osilosikopu ya mamegahetsi 20 singaonetse bwino funde la mamegahetsi 50.1. N'chifukwa chake m'bokosi muja mafunde onse awiri, lotumizidwa ndi lolandiridwa, amasakanizidwa ndi lina la mamegahetsi 50.05, ndipo chotuluka chimakhala kusiyana kwake, makilohetsi 50. Chokoma n'chakuti kusakanizako sikusintha kutsalira kwa funde: ngati linatsalira madigiri 30, la makilohetsi 50 nalonso limatsalira madigiri 30. Manano-sekondi 10 aja amatambasuka pafupifupi ka 1,000 n'kukhala mamaikiro-sekondi 10, omwe osilosikopu iliyonse imawakwanitsa.

Lolemba lonse linathera pa kuwongola kuwala. Lenzi yoyamba iyenera kukhala patali ndi dayodi mofanana ndi utali wa fokasi yake. Poyesa ndimagwira pepala loyera pafupi ndi lenzi, kenako kumapeto kwa njanji. Ngati bwalo lofiira likukula pamene pepala likutalikira, lenzi yayandikira kwambiri dayodi. Likamachepa kenako n'kukulanso, yatalikira. Bwalo likakhala lofanana pena paliponse, ndiye ndimatembenukira ku magalasi ndi lenzi yachiwiri, yomwe imasonkhanitsa kuwala kobwerera pa fotodayodi. Apa ndimasiya kudalira maso n'kumayang'ana kutalika kwa funde pa osilosikopu, ndipo ndimawongola kangolo kali kumapeto, poti kumeneko ndiko kupotoka pang'ono kumataya kuwala konse.

Lachiwiri ndinayesa muyeso weniweni. Osilosikopu imaikidwa pa X-Y, funde lotumizidwa ku X, lolandiridwa ku Y. Pa sikirini pamabwera chithunzi chonga dzira. Kangolo kakakhala pafupi, mumapotoza kabatani ka fezi pa bokosi, kosintha kutsalira kwa funde, mpaka dziralo litaphwa n'kusanduka mzere wowongoka wopendekera kumanja. Mukatero kabataniko musakakhudzenso. Mumakankha kangolo pang'onopang'ono, mzere umatseguka kukhala dzira, dziralo limanenepa, kenako limayamba kuphwanso mpaka litakhala mzere wopendekera kumanzere. Pamenepo funde latsalira ndi theka la nyengo yake, nthawi ya 1/(2f), pomwe f ndi maulendo a kuthwanima pa sekondi. Ngati kangolo kasuntha mtunda wa Δx, kuwala kwawonjezera ulendo wa 2Δx chifukwa kumapita ndi kubwerera, motero liwiro lake ndi c = 4fΔx. Mtunda wochokera pa dayodi kufika poyambira kangolo, ngakhale utali wa mawaya, sizilowa m'masamu. Chofunika ndi pomwe kangolo kayambira ndi pomwe kaima.

Ndinapeza Δx ya mamita 1.53, yomwe imapereka 3.07 × 10⁸ m/s. Mtunda woyenera ndi mamita 1.496, ndiye panali masentimita atatu ndi theka osochera.

Zifukwa zinali ziwiri. Choyamba, ndinayamba kuyeza bokosi litangoyatsidwa. Zamkati mwake zikamatentha, fezi imasuntha yokha, ndipo izi zimaoneka mosavuta: ikani mzere wowongoka, osakhudza kanthu, mudzapeza watseguka pakapita mphindi zochepa. Tsopano ndimaliyatsa theka la ola ntchito isanayambe, ndipo ndikafika kumapeto ndimabweza kangolo poyambira kuti ndione ngati mzere woyamba udakali wotseka. Ngati watseguka, muyesowo ndimautaya. Chachiwiri n'chobisika kuposa ichi. Kumapeto kwa njanji funde la Y linali litafupika kupitirira theka, kusonyeza kuti kuwala kwina kunkaphonya fotodayodi. Wotumiza ndi wolandira ali m'bokosi limodzi, ndiye kafunde kena kamadumphira kwa wolandira kudzera m'magetsi osayenda ndi kuwala. Kuwala kukakhala kwamphamvu kafundeko sikamveka, koma kukafooka kamakoka fezi ya zonse. Kuti mukaone, tsekani kuwala ndi katoni n'kukweza mphamvu ya Y: chomwe chatsala pa sikirini ndi kafunde komweko. Njanji yathu inali itagwa pang'ono kumapeto, ndipo timakatoni tiwiri pansi pa mwendo wake tinathetsa nkhaniyo.

Lachitatu ndinalimbana ndi diso, lomwe ndi malire enieni a njira imeneyi. Funde limodzi la kuthwanima ndi lotalika pafupifupi mamita 5.98. Kusuntha kangolo sentimita imodzi kumasintha njira ndi masentimita awiri, omwe ndi madigiri 1.2 okha. Pa chithunzi chotalika masentimita 8, dzira limangotseguka mamilimita osafika awiri, pomwe mzere wa osilosikopu pawokha ndi wonenepa pafupifupi milimita imodzi. Ndiye pali kadera komwe mzere umaoneka wotseka ngakhale kangolo kakusuntha. Mankhwala ake ndi kuchepetsa kuwala kwa sikirini, kunola fokasi, ndi kufika pa mzerewo kuchokera mbali zonse ziwiri: lembani pomwe dzira latsekera mukupita, lembaninso pomwe latsekera mukubwerera, mutenge pakati pake. Makatani nawo atsekedwe, poti dzuwa la masana likagunda fotodayodi mzere umachita ubweya.

Lachinayi magulu asanu a ophunzira anapeza 1.49, 1.50, 1.51, 1.49 ndi 1.50. Avereji ndi mamita 1.498, ndipo 4 × 50.1 × 10⁶ × 1.498 imapereka 3.00 × 10⁸ m/s. Sentimita imodzi pa mita imodzi ndi theka ndi pafupifupi 0.7 peresenti, choncho yankho lilembedwe (3.00 ± 0.02) × 10⁸ m/s. Gulu lina linakopera manambala onse asanu ndi atatu a pa kalikuleta, ndinawabwezera pepala lawo. Wina anafunsa ngati mpweya sukuchedwetsa kuwala. Umachedwetsa ndithu, ndi magawo atatu pa 10,000, zomwe tepi yathu singaone. Ndipo kunena zoona, kuyambira mu 1983 liwiro la kuwala linakhazikitsidwa kuti ndi 299,792,458 m/s ndendende ndipo mita ndiyo imatanthauzidwa kuchokera pa ilo, ndiye chomwe ophunzira anayesa kwenikweni ndi tepi ndi wotchi ya m'bokosi.

Lachisanu tinaika paipi ya madzi yotalika mita imodzi m'njira imodzi ya kuwala, n'kutseka mzere ndi kabatani ka fezi. Titaichotsa, tinayenera kutalikitsa kangolo masentimita 17 kuti mzere womwewo ubwerere. Pogwiritsa ntchito n = 1 + 2Δx/l, pomwe l ndi utali wa paipi ndipo n imasonyeza kuti madzi achedwetsa kuwala kangati, tinapeza 1.34, kutanthauza kuti m'madzi kuwala kumayenda pafupifupi 2.24 × 10⁸ m/s. Madziwo ndinawathira Lachitatu kuti agone. Madzi ongotungidwa pa mpopi amasiya timathovu pa mawindo a paipi, kuwala kumabalalika, funde la Y limafupika, ndipo kafunde kodumpha kaja kamayambanso kukoka fezi.